Intavyu ili pa foni, nanga lipoti losakondera lilembedwe bwanji?

Funso: Ndine mlembi wa komiti ya kopaletivu ya alimi a soya ndi mtedza kuno ku Mchinji. Sabata yatha tinachititsa intavyu anthu asanu ofuna ntchito yoyang'anira nkhokwe yathu, ndipo mawu onse ndinajambula pa foni, munthu aliyense pafupifupi mphindi 40. Apampando akufuna lipoti lalifupi loyerekeza anthuwa potsatira zomwe tinalengeza kuti tikufuna. Ndayesa kawiri, koma amene ankathyakula Chingerezi ndi amene akutuluka pamwamba pa chilichonse, ndipo mtima wanga sukuvomera. Ndichite bwanji kuti ndisakondere?

Yankho: Mayi, mapepala awiri mwalemba kalewo aikeni pambali, ndipo foniyo musaiyatse kaye. Ndikukhulupirira kuti munatsata njira yomwe alembi ambiri amatsata: kumvetsera munthu woyamba kuyambira moni mpaka kutsanzika, kulemba ndime imodzi yonena za iye, kenako wachiwiri chimodzimodzi. Ndime yotero imafotokoza mmene munthuyo anamvekera m'khutu mwanu. Ndipo khutu likakoma ndi munthu pa chinthu chimodzi, limamukomera pa zonse. Katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Edward Thorndike, anazilemba izi mu 1920 ataona mmene akuluakulu a asilikali ankaperekera malikisi kwa anyamata awo: amene wamuona kuti ndi wooneka bwino ankamupatsanso malikisi apamwamba pa nzeru, pa utsogoleri ndi pa khalidwe, ngati kuti zonsezo n'chinthu chimodzi. Kwa inu chimene chakoma ndi Chingerezi.

Mankhwala ake ndi kugawa ntchitoyi patatu, osalola kuti magawowo asakanikirane. Choyamba mutole umboni, kutanthauza zomwe munthu ananenadi. Mukamaliza kwa onse asanu ndi pamene mupereke malikisi, mfundo imodziimodzi. Lipoti libwere pamapeto, litsamire pa ziwirizo.

Koma chilipo choyenera kuchita musanamvetsere n'komwe. Tengani chilengezo cha ntchito chomwe munatulutsa, mulembe mfundo zoyezera anthuwa monga zinalembedwera, osaonjezapo kapena kuchotsapo. Mawu anuwo sindinawamve, chilengezo chanunso sindinachione, choncho ndiyerekeza chitsanzo chofanana ndi ntchito yanu. Tinene kuti munafuna zinthu zinayi: kusunga mabuku a katundu wolowa ndi wotuluka, kusamala mbewu m'nkhokwe kuti isaonongeke, kukana chinyengo, ndi kudziwa kompyuta. Mfundozi sizilemera mofanana. Tinene kuti pa 100, mabuku atenga 40, kusamala mbewu 30, kukana chinyengo 20, kompyuta 10. Ngati komiti sinagwirizane za kulemeraku intavyu isanachitike, musakuike nokha. Pitani kwa apampando ndi mamembala ena awiri kapena atatu mukagwirizane tsopano, malikisi asanaoneke, ndipo mulembe tsiku lomwe mwagwirizana. Inu mumagula mbewu, mukudziwa kuti sikelo saikonza thumba lili kale pambedza. Anthu akaona malikisi kaye, kenako n'kuyamba kukambirana kuti kompyuta ikhale 10 kapena 30, amakhala akusankha munthu mobisa.

Pa mfundo iliyonse lembaninso kuti yankho la malikisi 1, la 3 ndi la 5 limaoneka bwanji. Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi n'kungolemba kuti 1 ndi "zosakwanira", 3 "zabwino", 5 "zabwino kwambiri". Mawu amenewo sayeza kanthu. Pa kusamala mbewu, mwachitsanzo, mukhoza kunena kuti 1 ndi munthu amene wangoti adzasamala katundu koma osatchula njira. 3 ndi amene watchula njira zoyenera ziwiri kapena zitatu, monga kusanja matumba pa mapaleti motalikirana ndi khoma, kutulutsa katundu wakale poyamba, kapena kuyang'ana anankafumbwe. 5 ndi amene watchula njirazo, wafotokoza chifukwa chake, monga kuti mtedza wolowa m'nkhokwe usanaume umachita chuku ndipo ogula aakulu amaukana, komanso wapereka chitsanzo cha nthawi yomwe iye mwini anakanapo katundu wachinyezi kapena anapulumutsa mbewu. 2 ndi 4 ndi za mayankho ogwera pakati. Mukalemba chonchi, Chingerezi chasowa polowera, chifukwa palibe pomwe mwanena kuti njirazo zitchulidwe m'chilankhulo chanji.

Tsopano yatsani foni. Sindikukulangizani kulemba liwu lililonse. Olemba mawu ojambulidwa amatha maola anayi kapena kuposerapo pa ola limodzi la mawu, ndipo inu muli ndi maola atatu ndi mphindi 20. Zambiri mwa izo ndi moni, kufotokoza za kopaletivu ndi kusuntha mipando. Chomwe mukufuna ndi pepala limodzi la munthu aliyense, logawidwa m'zigawo zinayi monga mwa mfundo zija. Mayina a anthuwo musawalembe pamwamba. Apatseni zilembo A, B, C, D, E, ndipo pepala losonyeza kuti A ndi ndani mulisunge padera. Inu mukuwadziwa mawu awo, zoona, koma amene adzakuthandizeni kupereka malikisi adzaona zilembo zokha.

Mukamva chinthu chokhudza mfundo ina, imitsani, lembani mphindi yomwe foni ikuonetsa, ndipo lembani zomwe wanena moyandikira mawu ake. Mzere wabwino umaoneka chonchi:

B, kusamala mbewu, 14:20. Akuti komwe ankagwira kale anabweza matumba 12 a mtedza chifukwa atauluma unali wofewa ndipo sunkalira pougwedeza. Anauza mlimi akauyanikenso. Akuti abwana ake anakwiya poyamba.

Mzere woipa wa yankho lomwelo ndi uwu: "B akuoneka kuti amadziwa za mbewu koma ndi wamanyazi." Woyambawo aliyense akhoza kutsegula foni pa 14:20 n'kudzimvera yekha. Wachiwiriwo ndi maganizo anu, ndipo mwalowa kale chinthu chomwe sichili pa mfundo zinayi zija. Poyeza mizere yanu gwiritsani ntchito funso limodzi: kodi mwini wake ataona mzerewu angavomere kuti ananenadi zimenezi? Ngati angatsutse, mwalemba chiweruzo, osati umboni. Mawu monga "wochangamuka", "wodzidalira", "wokhwima nzeru", "wokayikitsa" asapezeke pa mapepala amenewa.

Anthu sayankha motsatira mizere yathu. Munthu akhoza kufunsidwa za kompyuta pa mphindi 30, n'kutchula mongodutsa kuti tsiku lina anapeza kuti khadi la katundu likusiyana ndi matumba omwe ali m'nkhokwe, ndipo anawerenganso mpaka anapeza risiti yomwe sinalowetsedwe. Umenewo ndi umboni wa kusunga mabuku, ndipo upite m'chigawo cha mabuku ngakhale unatuluka pa funso lina. N'chifukwa chake muyenera kumvetsera mpaka kumapeto. Olankhula modekha nthawi zambiri amamasuka mochedwa, ndipo zabwino zawo zimakhala m'mphindi khumi zomaliza, pamene ofunsa atopa ndipo cholembera achiika pansi.

Pali kusiyana kumodzi komwe ndikufuna mukhalepo nthawi, chifukwa ndi kumene kumagwetsa malipoti ambiri. Munthu akhoza kunena zomwe anachitapo, kapena zomwe angachite, kapena zomwe anaphunzira kuti zimayenera kuchitika. Zitatuzi m'khutu zimamveka zofanana, makamaka zikanenedwa bwino, koma si umboni wofanana. Tiyerekeze kuti A, mnyamata wothyakula Chingerezi, anafunsidwa za kusamala mbewu ndipo analankhula mphindi zinayi zathunthu: kufunika kwa ukhondo m'nkhokwe, kufunika kotsatira miyezo, kufunika kogwira ntchito limodzi ndi alimi. Mukamvetseranso muli ndi cholembera m'manja mudzapeza kuti njira yogwirika yomwe watchula ndi imodzi, ya mapaleti. Chinyezi sanachitchule, chuku sanachitchule, ndipo palibe pomwe wanena kuti iye anachitapo chakutichakuti. Mphindi zinayi zija zatsala mzere umodzi. B analankhula kwa mphindi imodzi ndi theka, mosakaniza Chichewa, koma mizere yake ndi itatu, umodzi mwa iyo ndi nkhani ya matumba 12 ija. Pa tsiku la intavyu aliyense anatuluka akuyamikira A. Pa pepala, kutalika kwa yankho sikuonekanso. Choncho kumbali kwa mzere uliwonse ikani chizindikiro chosonyeza ngati zili zochitapo, zolinga kudzachita, kapena za m'buku.

Chenjerani ndi mbali inanso ya nkhani yomweyi. Kwathu kuno munthu woleredwa bwino sakonda kudzitama pamaso pa akuluakulu. Amanena kuti "tinabweza matumba", "tinaona kuti mabuku sakugwirizana", ngakhale kuti anachita ndi iye yekha. Winanso amanena "tina-" yemweyo pobisala kumbuyo kwa ntchito ya anzake. Kuchokera pa foni simungadziwe kuti uyu ndi uti, pokhapokha ngati wina mwa ofunsa anatsatira ndi funso lakuti, "Inuyo mbali yanu inali yotani?" Ngati funsolo linafunsidwa, lembani yankho lake. Ngati silinafunsidwe, lembani mmene ananenera, ndi kuonjezapo kuti mbali yake sinafufuzidwe. Musamuchotsere malikisi chifukwa cha ulemu, musamuonjezerenso pongoganiza.

Za chilankhulo ndinene mwachidule. Ngati chilengezo chinati woyang'anira nkhokwe azilemba malipoti m'Chingerezi, imeneyo ndi mfundo yakeyake, ya malikisi akeake, ndipo njira yabwino yoiyezera ndi kuwapatsa onse cholemba, osati kumvetsera katchulidwe. Ngati sichinatero, yankho la m'Chichewa ndi lokwanira monga la m'Chingerezi. Mizere ya umboni ya anthu onse ilembedwe m'chilankhulo chimodzi, kuti wowerenga asazindikire kuti uyu anayankha m'chiyani. Ndipo musamukonzere munthu yankho. Mtima wanu wayamba kale kumvera chisoni amene Chingerezi chimawavuta, ndipo n'chapafupi kuti polemba muwamalizire ganizo lomwe iwo sanalimalize. Kumenekonso n'kukondera.

Mumvetserenso ofunsawo, osati oyankha okha. Foni imaulula zomwe komiti sinazione. Mudzapeza mwina kuti apampando anathandiza munthu mmodzi pomufunsa kuti, "Ndiye mukaona kuti mbewu ndi yonyowa mumaibweza, eti?" ndipo iye anangoti "Eya." Yankho lotero si lake, lembani kuti linachokera m'funso. Mudzapeza kuti wina anafunsidwa mafunso otsatira atatu pamene mnzake sanafunsidwe ngakhale limodzi, kapena kuti womaliza anapatsidwa mphindi 25 chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo ena amathamangira minibasi. Pomwe mawu sakumveka chifukwa cha njinga yamoto yodutsa kapena mvula pa malata, lembani mphindi zake ndi kunena kuti sizikumveka, kenako funsani ngati wina mwa ofunsa analemba kanthu pamenepo. Osadzazapo ndi zomwe mukukumbukira popanda kunena kuti zachokera m'kukumbukira.

Pali zina zomwe mudzazimva koma siziyenera kulowa pa pepala lililonse. Wina anatchula mpingo wake, wina kwawo ndi mtundu wake, wina kuti ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi umodzi, wina kuti amapita kuchipatala mwezi ndi mwezi. Mwinanso membala wa komiti anachita kufunsa yekha kuti, "Amuna anu adzakulolani kugwira mpaka usiku nthawi yogula mbewu?" Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000, pa gawo 5, limaletsa kusala munthu polemba ntchito pa zifukwa monga mtundu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wa pabanja. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsanso tsankho. Zoterezi zisiyeni m'foni. Ngati ntchitoyo imafunadi kugwira mpaka madzulo m'miyezi yokolola, funso loyenera ndi lakuti kodi munthuyo angathe kutero, ndipo lifunsidwe kwa onse asanu, amuna ndi akazi omwe. Ngati funso losayenera linafunsidwa kwa mmodzi yekha, auzeni apampando pambali kuti yankho lake simunaliwerengere, ndi chifukwa chake.

Mapepala asanu aja akadzaza, gonani kaye, malikisi mupereke mawa lake. Ndipo mupereke chopingasa: tengani mfundo ya mabuku, werengani umboni wa onse asanu pa mfundo yokhayo, yerekezani aliyense ndi zija munalemba za 1, 3 ndi 5, perekani malikisi, kenako pitani pa mfundo yachiwiri mutasintha ndondomeko ya mapepalawo. Kusinthaku kuli ndi chifukwa. Munthu wapakatikati akatsatana ndi wofooka amaoneka katswiri, ndipo akatsatana ndi katswiri amaoneka wofooka. Daniel Kahneman, amene pambuyo pake analandira mphotho ya Nobel mu 2002, ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950 anakonza intavyu ya olowa usilikali ku Israel mwa njira yofanana ndi iyi: makhalidwe asanu ndi limodzi, lililonse kulipatsa malikisi a 1 mpaka 5 palokha, ndipo chiweruzo cha munthu yense kuchichedwetsa mpaka pamapeto. Njirayo inalosera bwino kuposa kucheza kwachisawawa komwe ankachita kale.

Musapereke nokha. Pezani membala wina wa komiti, mumupatse mapepala a zilembo aja ndi miyeso, apereke malikisi ake osaona anu. Pomwe mwasiyana ndi 1, kambiranani pang'ono. Pomwe mwasiyana ndi 2 kapena kuposa, tsegulani foni pa mphindi yomwe yalembedwa mumvetsere limodzi. Kawirikawiri mudzapeza kuti mwina muyeso wanu sunali womveka, kapena mmodzi wa inu anawerengera chinthu chomwe sichinanenedwe. Kungophatikiza 2 ndi 4 n'kulemba 3 kumabisa vutolo osalithetsa. Ngati pali membala yemwe ali pachibale kapena paubwenzi ndi mmodzi wa ofunsirawo, zomwe m'kopaletivu ya m'dera limodzi sizachilendo, ameneyo asakhale wopereka malikisi, ndipo lipoti linene kuti anadzipatula.

Tiyeni tiwerengere limodzi anthu atatu a m'chitsanzo chathu. A wapeza 3 pa mabuku, 2 pa kusamala mbewu, 3 pa kukana chinyengo, ndi 5 pa kompyuta. Chulukitsani malikisi aliwonse ndi kulemera kwa mfundo yake: 3 kuchulukitsa ndi 40 ndi 120, 2 ndi 30 ndi 60, 3 ndi 20 ndi 60, 5 ndi 10 ndi 50. Zonse pamodzi 290. Gawani ndi 5 kuti zibwere pa 100, ndipo A ali ndi 58. B wapeza 4, 4, 4 ndi 2, zomwe zikupereka 160, 120, 80 ndi 20, pamodzi 380, kutanthauza 76. Mnyamata wa Chingerezi uja sanaponderezedwe; 5 wake wa pa kompyuta wamupeza mokwanira, kungoti 5 ameneyo wakhala m'chigawo chake osasefukira m'zinazo.

Nkhani ili pa C. Wapeza 4 pa mabuku, 4 pa mbewu, 3 pa kompyuta. Koma pomvetsera mwapeza kuti funso la chinyengo, lija lakuti angatani membala wa komiti atamuuza kuti atulutse matumba asanu popanda chikalata, iye sanafunsidwe. Foni ya apampando inalira pa mphindi 22, ndipo atabwerako anadumphira funso lotsatira. Zomwe C ali nazo m'manja ndi 160, 120 ndi 30, pamodzi 310. Mukasiya malowo opanda kanthu n'kugawa ndi 5, C atuluka ndi 62, kutali ndi B, ndipo mwamulanga chifukwa cha foni ya munthu wina. Ngati mukuwerengera mu Excel, pomwe kulemera kuli pa mzere woyamba ndipo malikisi a munthu ali pa mzere wachiwiri, mwina mugwiritsa ntchito izi:

```
=SUMPRODUCT(B2:E2,$B$1:$E$1)/5
```

Dziwani kuti pamenepa bokosi lopanda kanthu, ngakhale lomwe mwalembamo mawu akuti sanafunsidwe, limawerengedwa ngati 0, ndipo kompyuta siikuchenjezani. Ikupatsani 62 yomweyo mwaulemu.

Ena amathawira kwina: amawerengera C pa mfundo zitatu zokha, 310 pa 400, n'kupeza 77.5, ndipo C wapitirira B. Kumeneko n'kumupatsa malikisi pa kukhulupirika popanda kumva liwu lake limodzi, pa ntchito yosunga makiyi a nkhokwe. Njira yoona ndi kuonetsa malire. C akanayankha moipa n'kupeza 1, akanakhala ndi 66. Akanapeza 5, akanakhala ndi 82. Akanapeza 3 ndi 74, pansi pa B. Akanapeza 4 ndi 78, pamwamba pa B. Ndiye kuti funso lomwe linadumphidwalo ndi lomwe likugamula kuti ntchito ipite kwa ndani. Lipoti lanu linene zimenezo poyera, ndipo lipemphe kuti C aitanidwenso, kapena aimbiridwe foni ofunsa onse ali pomwepo, afunsidwe funso lomwelo m'mawu omwewo. Padzakhala chodetsa nkhawa chakuti mwina wamva kale funsolo kwa anzake, poti papita sabata. Ngati komiti ikuopa zimenezo, ikonze funso latsopano la mfundo yomweyo ndi kulifunsa kwa B ndi C onse awiri tsiku limodzi. Koma zikanakhala kuti ngakhale C atapeza 5 sakanamufika B, panalibe chifukwa chomuvutitsira ulendo. Mukanangolemba kuti funso linadumphidwa koma silikusintha zotsatira.

Chitsanzo chomwechi chikuonetsa chinanso. Kusiyana kwa 76 ndi 78 ndi kochepa kuposa zomwe malikisi amodzi okha angasinthe. Pa mfundo ya mabuku, kusuntha munthu kuchoka pa 3 kupita pa 4 kumasintha zotsatira zake ndi 8. Choncho anthu awiri akasiyana ndi 2 kapena 3 pa 100, musalembe kuti wina wapambana. Lembani kuti ali pafupifupi pamodzi, ndipo onetsani pomwe akusiyana: uyu ali ndi umboni wochuluka wa mbewu, uyo wa kompyuta. Zotsalazo zigamulidwe ndi zinthu zomwe intavyu singathe. Intavyu imakuuzani zomwe munthu akunena za ntchito yake, basi. Nkhani ya matumba 12 ija ikhoza kukhala yoona kapena yokometsera, ndipo wodziwa ndi amene anamulembapo ntchito kale. Kwa woyang'anira nkhokwe ine ndimakonda kuonjezapo kayeso ka mphindi 20: kuwapatsa khadi la katundu lopanda kanthu ndi marisiti khumi a katundu wolowa ndi wotuluka, imodzi mwa iwo ili ndi cholakwika, n'kuona amene apeze zotsala zolondola ndi amene aone cholakwikacho.

Ngati komiti inanena kale kuti mfundo ina ndi yosadumphika, mwachitsanzo kuti wopeza 1 pa kukana chinyengo sangatengedwe ngakhale atakhoza zina zonse, tsatirani zimenezo ndipo muzilembe. Ngati sinanene, musaziyambitse inu pa nthawi ya lipoti. Ingosonyezani malikisi otsikawo ndi umboni wake kuti komiti iwaone.

Lipoti lenilenilo tsopano ndi ntchito yaing'ono, masamba awiri akwana. Yambani ndi ndime yonena za ntchito yomwe inalengezedwa, tsiku la intavyu, amene anafunsa, mfundo zinayi ndi kulemera kwake, tsiku lomwe kulemerako kunagwirizanidwa, ndi amene anapereka malikisi. Pabwere tebulo limodzi la malikisi a onse asanu, pomwe pa C palembedwe "sanafunsidwe" ndi malire aja a 66 mpaka 82 m'malo mwa nambala imodzi. Kenako ndime zinayi, imodzi pa mfundo iliyonse, osati pa munthu aliyense. Ndime ya kusamala mbewu ikhoza kuyenda chonchi: "B ndi C anatchula kuyeza kuuma kwa mbewu, mapaleti ndi kutulutsa katundu wakale poyamba. B anapereka chitsanzo cha katundu yemwe anabweza (14:20). C anapereka cha kupopera nkhokwe isanalandire mbewu, koma mbali yake sinafufuzidwe (18:05). A anatchula mapaleti okha, popanda chitsanzo (11:40)." Aliyense apatsidwe malo ofanana, ndipo mawu ofanana agwiritsidwe ntchito pa zinthu zofanana. Yang'anirani timawu tating'ono. Mukalemba za wina kuti "anafotokoza" koma za mnzake kuti "anangonena" kapena "akuti", mwamuuza kale wowerenga woti amukhulupirire. Malizani ndi ndime ya zomwe sizinayende bwino pa intavyuyo: funso lodumphidwa, mphindi zosamveka, funso lomwe linapereka yankho, nthawi yosafanana. Alembi ambiri amaopa ndime imeneyi poganiza kuti ichititsa manyazi apampando. Ilembeni popanda kuloza chala, kuti "funso lachitatu silinafunsidwe kwa C", osatchula foni ya munthu.

Mukamaliza, yesani lipotilo motere: sinthanitsani zilembo za anthu awiri m'maganizo mwanu, muwerengenso. Ngati chiganizo china chikukupwetekani chikakhala pa munthu yemwe mumamufunira zabwino, chinali cholakwika kale pa mnzakeyo.

Simunanene ngati anthuwa anauzidwa kuti akujambulidwa. Ngati anauzidwa ndipo anavomera, lembani zimenezo m'ndime yoyamba, ndi mphindi yake ngati zikumveka pa foni. Ngati sanauzidwe, auzeni apampando lero, ndipo anthuwo adziwitsidwe ndi kupemphedwa chilolezo mawuwo asanagwiritsidwe ntchito. Wokana, gwiritsani ntchito zomwe ofunsa analemba pamanja. Mawu a munthu ojambulidwa, pamodzi ndi mbiri yake ya ntchito ndi ya pabanja yomwe ili m'menemo, ndi chinsinsi chake, ndipo kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Mawuwo musawatumize pa gulu la WhatsApp la komiti. Wofuna kutsimikiza mzere wina abwere amvetsere pa ofesi. Achotseni m'foni yanu, yomwe ana amaseweretsa madzulo, muwaike pa kompyuta ya kopaletivu kapena pa fulashi yotsekeredwa m'kabati, ndipo komiti igwirizane kuti adzafufutidwa liti. Musawafufute tsiku lomwe munthu walembedwa ntchito, chifukwa wodandaula amabwera pambuyo pake ndipo umboni wanu ndi womwewo.

Komiti ikhoza kuwerenga zonsezi n'kusankhabe A. Mphamvu yosankha ndi yawo, si ya mlembi. Chomwe simuyenera kuvomera ndi kubwerera ku tebulo lija kukakweza malikisi a A kuti agwirizane ndi chisankhocho. Lipoti likhale mmene lilili, ndi tsiku lake ndi siginecha za awiri amene munapereka malikisi, ndipo chifukwa chomwe komiti yasankhira mosiyana chilembedwe m'maminitsi a msonkhano umenewo, m'mawu a amene achipereka.